Uvuni, mafuta ndi batala: kontena iti pa katundu uti?

Funso: Ndili ndi kafakitale ka mabisiketi ku Limbe ndipo chaka chino ndikufuna kuyamba kuitanitsa ndekha katundu kudzera pa doko la Beira. Pali uvuni wa matani 6 umene uli m'bokosi lamatabwa lotalika mamita 5.2, mulifupi 2.1, msinkhu 2.35. Palinso mafuta a kanjedza, amene timatha malita 4,000 pa mwezi, ndi batala matani 8. Wogulitsa uvuni akuti kontena ya mafiti 20 ikwana, ndipo wa mafuta akuti nditenge fulekisitanki chifukwa ndiyotsika mtengo. Ndisankhe makontena ati? (Mayi wa ku Limbe)

Mayi, onse awiri amene akulangizaniwo maso awo ali pa sitima yapamadzi. Ntchito yawo imatha kontena ikatsekedwa kwawoko. Yanu imayamba ikatsika pa Beira, pamene yatsala ndi makilomita pafupifupi 800 a msewu, kudutsa Chimoio, Tete, Zobue ndi Mwanza, kenako geti la fakitale yanu. Zaka zimene ndakhala pa ntchito yotulutsa katundu pa madoko zandiphunzitsa kusankha kontena chobwerera m'mbuyo: kuyamba ndi pamalo potsitsira katundu, kenako msewu, sitima pomalizira. Ndi mmene ndichitire ndi katundu wanu yense.

Tiyambe ndi uvuni, chifukwa wogulitsayo akulowetsani m'tchire ngakhale sakufuna kutero. Kontena wamba ya mafiti 20 m'kati mwake ndi yotalika mamita 5.90, mulifupi 2.35, msinkhu 2.39. Iye waona 2.39, wayerekeza ndi 2.35 ya bokosi lanu, nkuti zakwana. Koma katundu salowera padenga, amalowera pakhomo, ndipo khomo ndi laling'ono kuposa m'kati. Pamwamba pa chitseko pali chitsulo chopingasa chimene chimagwira kontena yonse, ndiye khomo limatsala ndi msinkhu wa mamita 2.28 okha, mulifupi 2.34. Bokosi lanu lapyola khomolo ndi masentimita 7. Sililowa. Kontena wamba ya mafiti 40 nayo siithandiza, chifukwa ndi yaitali kokha, mamita 12.03, koma msinkhu ndi khomo ndi zomwezija.

Imene ikuyenerani ndi ya mafiti 40 yaitali msinkhu, imene anthu a pa ntchitoyi amaitcha haikiyubu. M'kati mwake ndi pafupifupi mamita 2.69 ndipo khomo lake ndi 2.58, choncho bokosi lanu lilowa ndi mpata wa masentimita oposa 20 pamwamba. Mpata umenewu musauone ngati wochuluka, chifukwa bokosi polowa limayenera kukwezedwa pang'ono kapena kuyenda pa mapaipi ogudubuza. Kuti pasakhale kusamvana, pa mapepala osungitsira malo muzifuna kuona chizindikiro cha mtundu wa kontena, chomwenso chimalembedwa pa chitseko chakumanja pansi pa nambala yake. 22G1 ndi ya mafiti 20 wamba, 42G1 ndi ya 40 wamba, 45G1 ndiyo haikiyubu. Ambiri amasokonezeka ndi 45 ameneyu poganiza kuti ndi mafiti 45, pamene 4 akunena kutalika kwa mafiti 40 ndipo 5 akunena msinkhu.

Mwina mukuti, kodi si kutaya ndalama kulipira kontena ya mamita 12 chifukwa cha bokosi la mamita 5? Mtengo wa ya 40 pa sitima sufika kawiri wa ya 20, ndipo mamita pafupifupi 7 otsalawo mutha kuikamo mapepala okulungira mabisiketi, matileyi ophikira ndi zipangizo zosinthira pa uvuniwo, zimene mukanadzaitanitsa padera. Chofunika ndi kaikidwe. Bokosi lolemeralo likhale chapakati, osati kumapeto kumodzi, chifukwa kontena yolemera mbali imodzi imapendekeka ikanyamulidwa ndi kireni ndipo imalemetsa mawilo a mbali imodzi pa sikelo ya pamsewu. Timphete tachitsulo tomangirapo tili m'munsi mwa zipupa timapirira pafupifupi tani imodzi kalikonse, ndiye malamba okha sangagwire matani 6 sitima ikamapendama pa mafunde. Pafunika matabwa okhuthala otsekereza bokosilo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Pemphani zithunzi asanatseke chitseko.

Funso lenileni komabe ndi la ku Limbe: bokosi lalitali chotero mulitulutsa bwanji m'kontena imene ili pamwamba pa thiraki? Fokolifiti ya matani 3 imene mafakitale ang'onoang'ono amabwereka siingathe. Njira yodziwika ndi kutsitsa kontena yonse pansi ndi kireni kapena thiraki yodzitsitsira m'mbali, kenako kukoka bokosilo pang'onopang'ono ndi tcheni pa mapaipi. Ngati pabwalo panu palibe malo olimba otsitsirapo kontena ya mamita 12, ndipo mpata wokokera bokosi mamita ena 6 kutsogolo kwake palibe, ndiye kuti ganizirani kontena yotsekula pamwamba, openitopu. Imeneyi ilibe denga lachitsulo, ili ndi lona ndi tizitsulo topingasa tochotseka, ndipo chitsulo cha pamwamba pa khomo chimatseguka. Kireni imangotsitsa zingwe nkuzula bokosilo. Kuipa kwake ndi mtengo. Makontena otere ndi ochepa, amadula, ndipo katundu akangotumphuka pamwamba pa zipupa ngakhale pang'ono, kampani ya sitima imamuwerenga ngati wopyola muyezo nkukulipiritsani malo a pamwamba pake amene sangasanjikepo kontena ina. Bokosi la 2.35 lili pamalire penipeni, choncho mufunse msinkhu wa m'kati wa openitopu imene akupatseniyo, wolembedwa. Lona nayo imatha kung'ambika, ndipo uvuni uli ndi mawaya ndi zamagetsi zosafuna madzi amchere.

Fulatiraki, ija yopanda denga ndi zipupa za m'mbali, si yanu. Ndi ya zinthu zonenepa kuposa khomo kapena zolemera kwambiri, monga thiransifoma kapena makina okumbira, ndipo katundu akatambalala kupyola thiraki pamafunika chilolezo chapadera cha pamsewu ku Mozambique ndi kuno komwe.

Musanachite zonsezi, muimbireni wogulitsayo mumufunse ngati pali chochotseka pamwamba kapena pansi pa uvuniwo, kaya chumuni, injini ya chokupizira mpweya kapena miyendo. Ndaonapo makina ambiri amene msinkhu wake umakwezedwa ndi kachidutswa kamodzi komangidwa ndi mabawuti anayi. Bokosi likatsika kufika pa 2.20 lilowa mu ya mafiti 20 ndipo nkhani yonse yatha motchipa. Ngati sizitheka, tengani haikiyubu, ndipo pitani mukayeze geti lanu ndi mawaya a magetsi a mumsewu wolowera kwanu, chifukwa haikiyubu ili pa thiraki imafika pafupifupi mamita 4.3 kuchokera pansi.

Pa mafuta, wogulitsayo sakunama kuti fulekisitanki ndiyotchipa pa lita imodzi. Ndi chithumba chachikulu chapulasitiki wokhuthala chimene amachiyala m'kontena wamba ya mafiti 20 nkuchipopera mafuta mpaka malita 24,000. Mafuta a kanjedza amalemera pafupifupi magalamu 900 pa lita, ndiye malita amenewo ndi matani pafupifupi 22. Mu kontena yomweyo migolo ya malita 200 imalowa 80, osanjikiza mizere iwiri, kutanthauza malita 16,000. Mtengo wa ulendo ndi umodzimodzi koma chithumba chanyamula theka lina pamwamba pake, ndipo simugula migolo. Apa ndi pomwe pali kutchipako.

Koma chithumba chimenechi sichosungiramo mafuta. Chikafika chiyenera kupopedwa chonse tsiku limodzi, kontena ibwerere, chithumba chitayidwe chifukwa chimagwira ntchito kamodzi kokha. Ndiye mufunika thanki yoyera yoyenera chakudya yoposa malita 24,000, pampu, ndi paipi yogwirizana ndi mpopi wa chithumbacho, umene kawirikawiri umakhala wa mainchesi 3. Ngati mafuta anu ndi aja olimba ngati majarini, osati amadzimadzi, adzafika atagwirana, makamaka m'miyezi ya chisanu ya Juni ndi Julayi, ndipo pampu siingawakoke. Amayala mphasa ya timapaipi pansi pa chithumba asanachidzaze, ndipo pofika mumadutsitsamo nthunzi kapena madzi otentha kwa maola ambiri, nthawi zina kupyola tsiku, kuti asungunuke. Ngati mphasayo sinaikidwe kwawoko, kuno simungaiikenso.

Chinthu chimodzi ndikuchinena mokweza ngakhale simudzatenga njirayi chaka chino. Chitseko chakumanzere cha kontena ya fulekisitanki sichitsegulidwa mafuta ali m'kati. Kuseri kwa zitseko kuli mpanda wa zitsulo wotchinga chithumba, ndipo mpandawo umatsamira chitseko chakumanzerecho. Ndinaonapo ndi maso anga pa bwalo lina mnyamata amene sanauzidwe atakweza zogwirira za chitseko chimenecho. Chinakankhika chokha, mpanda nkupindika, chithumba nkutuzuka panja ngati mimba ya ng'ombe yokhuta. Mwamwayi sichinaphulike ndipo iye anadumphira pambali, koma tinagwira usiku wonse tikupopa ndi mantha, poti chitseko sichikanatsekekanso. Pa chitseko pamakhala chikwangwani chochenjeza, koma aliyense wogwira kontenayo, kuphatikizapo woyendera katundu pa chipata cha dziko, ayenera kuuzidwanso pakamwa.

Tsono tiwerenge zanu. Pa malita 4,000 pa mwezi, chithumba chimodzi ndi mafuta a miyezi 6. Ndalama zanu zigona m'thanki theka la chaka, thankiyo muyambe mwaigula, ndipo mafuta okhala nthawi yaitali m'thanki yomwe ikuchepa pang'onopang'ono amakumana ndi mpweya wambiri nkuyamba kununkha moipa, fungo limene limamveka msanga m'bisiketi. Migolo 80 ndi ya miyezi 4, uliwonse uli wotseka mpaka tsiku lotsegula, anyamata awiri atha kuugubuduza, ndipo ukatha mumaugulitsa. Umodzi ukadontha mwataya malita 200, pamene chithumba chikabooka pa mabampu a msewu wa Tete mwataya zonse ndi kulipiranso kuyeretsa. Kwa inu ndi migolo. Fulekisitanki mudzaiganizire mukadzafika potha malita 10,000 kapena kuposa pa mwezi, muli ndi thanki ndi nthunzi.

Thanki yachitsulo ya m'felemu ya mafiti 20, imene imanyamula malita 21,000 mpaka 26,000, ndiyo yolimba kuposa zonse ndipo ndi yomwe imaloledwa pa zamadzimadzi zoopsa zimene chithumba sichiloledwa kunyamula. Siiyenera kuyenda yosadzaza, makamaka pansi pa magawo 80 pa 100, chifukwa zam'kati zimakhavukira uku ndi uku nkugwetsa thiraki pokhota. Kwa ife a kutali ndi nyanja imadula chifukwa mumalipira kuibweza yopanda kanthu ndi kuitsuka.

Pali nkhani ya kulemera imene imakhudza migolo yomweyi. Pa chitseko cha kontena pamalembedwa MAX GROSS, kulemera konse kololedwa kwa kontena pamodzi ndi katundu wake, kawirikawiri makilogalamu 30,480, ndi TARE, kulemera kwa kontena yopanda kanthu, pafupifupi matani 2.3 pa ya 20 ndi 3.8 pa ya 40. Onani kuti ya 40 siinyamula kulemera kochuluka kuposa ya 20, imangokhala ndi malo ambiri. Nchifukwa chake katundu wolemera ngati mafuta, shuga kapena feteleza amayenda mu ya 20, ndipo wopepuka wodya malo amayenda mu ya 40. Koma nambala ya pa chitsekoyo ndi ya pa sitima. Pamsewu wolamula ndi sikelo. Eni mathiraki a pa njira ya Beira amanyamula makontena awiri a 20 pa thiraki imodzi ngati onse ndi opepuka, kawirikawiri osapyola matani 14 iliyonse, ndipo mtengo mumagawana. Yanu ya migolo, mafuta matani 14 ndi theka, migolo yokha yoposa tani imodzi, kontena matani 2.3, ifika pa matani 18. Iyenda yokha ndipo mudzalipira thiraki yonse. Muuzeni wa thiraki kulemera kwenikweni asanakupatseni mtengo, kuti zisadzasinthe kontena ili kale pa doko.

Batala ndiye amene akundidetsa nkhawa kwambiri, ngakhale simunamufunse mwapadera.

Kontena yozizira, imene timaitcha rifa, anthu amaiona ngati filiji yaikulu. Kusiyana kwake ndi kwakuti rifa inapangidwa kuti isunge kuzizira kumene katundu walowa nako, osati kuziziritsa katundu wofunda. Batala wa ulendo wautali amayenda wouma gwa, pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kutsikirapo, ndipo ayenera kulowa ali kale pamenepo. Makina ali kutsogolo amapemerera mpweya wozizira pansi, m'tingalande ta chitsulo ta pansi pa kontena, mpweyawo nkukwera chakukhomo ndi m'mbali, nkubwerera kumakina kudzera pamwamba. Nchifukwa chake m'kati muli mzere wofiira chakudenga umene katundu sayenera kupyola, ndipo pansi posafika katundu payenera kuphimbidwa ndi makatoni, apo ayi mpweya umathawira pomwepo nkubwerera osazungulira katundu. Kabowo kolowetsa mpweya wakunja, kamene amakatsegula ponyamula zipatso chifukwa zipatso zimapuma, pa batala kayenera kutsekedwa kotheratu. Batala amayamwanso fungo, ndiye rifa imene yangotsitsa nsomba siyoyenera. Pemphani umboni wa PTI, kuyeza kumene amachita pa makina ndi ukhondo wa rifa isanapatsidwe katundu.

Rifa ilibe injini yakeyake. Imadya magetsi amphamvu a mafezi atatu, a mavoti 380 mpaka 460. Pa sitima ndi pa doko amailumikiza ku soketi, ndipo doko limalipiritsa tsiku lililonse. Ikakwera thiraki imadalira jenereta ya dizilo yomangiriridwa pa kontenayo kapena pansi pa ngolo, imene imamwa malita 3 kapena 4 pa ola, usana ndi usiku, thiraki ikuyenda kapena itaima pa mzere pa Zobue. Masiku anayi ndi malita pafupifupi 300 kapena kuposa. Ndipo njirayi imadutsa ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40.

Ndinalandirapo rifa ina imene pofika chiwonetsero chake chinkaonetsa kuzizira koyenera ndithu. Titatsegula, makatoni a pafupi ndi khomo ndi a mzere wapamwamba anali ndi mabanga a mafuta m'makona, ena atafwamphuka m'mbali, ndipo pansi panali madzi oundana osalala ngati galasi, osati chipale chofewa chija. Zimenezo zimasonyeza kuti katundu anasungunuka nkuumanso. Titatsitsa zolembedwa m'makina a rifayo, zinaonetsa kuti jenereta inkazimitsidwa usiku uliwonse kwa maola angapo nkuyatsidwa m'mawa. Dizilo anapita kwina. Kuyambira pamenepo ndimaumirira zinthu zitatu: kachipangizo kanga kolemba kutentha kaikidwe m'kati mwa katundu chakukhomo, pangano ndi wa thiraki linene kuti jenereta siizima ndi kuti dizilo wake ndi wowerengedwa padera, ndipo mapepala a kasitomu ndi zilolezo zolowetsera zamkaka zikhale zokonzeka sitima isanafike. Inshulansi yanunso inene mwachindunji za kuwonongeka kobwera ndi kusintha kwa kuzizira, chifukwa yambiri wamba siilipira zimenezo.

Tsono matani 8 anuwo ndi makatoni 320 a makilogalamu 25, amene sadzaza ngakhale theka la rifa ya mafiti 20. Marifa a 20 ndi osowa pa njira zambiri. Ochuluka ndi a 40 haikiyubu, olembedwa 45R1, ndipo m'menemo batala wanu angokhala pakona, inu mukulipira kuziziritsa mpweya kuchokera kutsidya kwa nyanja mpaka ku Limbe. Pofikanso mufunika chipinda chozizira chokwana matani 8 chokhala ndi jenereta yake, poti magetsi athu mukuwadziwa. Malangizo anga ndi akuti batala musamudutsitse pa Beira panokha. Funsani mtengo kwa amathiraki ozizira ochokera ku South Africa, amene amadzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete ndipo ena amalandira katundu wa anthu angapo pa paleti. Mutha kumatenga matani 2 nthawi imodzi. Ngati batala wa kutsidya kwa nyanjayo ndiye yekhayo mukumufuna, pezani anzanu a mabekale awiri kapena atatu mudzaze rifa imodzi ya 40 ndi matani oposa 20, onse a batala kapena zofuna kuzizira kofanana.

Chotsalira ndi masiku. Kontena si yanu, mwabwereka, ndipo kampani ya sitima imakupatsani masiku owerengeka aulere kuyambira pamene yatsika mpaka pamene yabwezedwa yopanda kanthu ku malo amene mwagwirizana. Akatha, mumalipira tsiku lililonse m'madola, ndipo pa katundu wopita kunja kwa Mozambique amafuna dipoziti kapena chikole kontena isanatuluke pa doko. Makontena apadera, rifa, openitopu ndi thanki, amapatsidwa masiku ochepa ndipo chindapusa chake cha pa tsiku ndi chokwera kuposa cha kontena wamba. Ichi ndi chifukwa china chimene ndakukankhirani ku haikiyubu ndi migolo, zomwe zonse ndi makontena wamba. Masiku aulerewo amakambidwa posungitsa malo pa sitima, osati katundu atafika, ndiye muuzeni wogulitsa aliyense kuti katunduyu akupita ku Malawi ndipo apemphe masiku okwanira ulendo wopita ndi kubwerera. Mufunsenso ngati kampaniyo ingalandire kontena yopanda kanthu ku Blantyre konkuno. Ikavomera, zilembedwe pa pepala la katundu, ndipo tsiku lobweza kontenayo mujambule mbali zake zonse ndi pansi pake musanasaine.